Moni watha, nanga dzina ndi ntchito muzitchula bwanji?

Amene mwakhalapo pa misonkhano ya kuno ku Zomba, kaya ndi wekishopu ya mabungwe, kaya ndi zochitika za ku Chanco, kaya amabizinesi aitanizana ku Gymkhana kapena kumtunda ku Ku Chawe, mukudziwa kuti kudziwana kwenikweni sikuchitika mkati muja pulojekita ikuyaka ayi, kumachitika pa tiyi buleki. Mphindi 15 kapena 20 basi, aliyense kapu kumanja samusa kumanzere, ndiye mwapezeka mwaima maso ndi maso ndi munthu amene simukumudziwa. Moni timautha tonse, palibe Mmalawi amene angalephere "muli bwanji". Vuto limabwera moni ukatha. Mwanena "ndili bwino kaya inu", iwo ati "ndili bwinonso", nonse mwati "zikomo", kenako zii. Wina ayamba kuyang'ana mu kapu, wina atulutsa foni, basi mwasiyana osadziwana.

Ine ndimalumikiza magetsi a sola, ndimakhala ku Matawale, ndipo kachete kameneka kanandidyera ntchito. Tsiku lina pa msonkhano wina ndinaima ndi bambo wina wachikulire, tinapatsana moni bwinobwino, tinakambirana za mvula ndi kuzimazima kwa magetsi mpaka belu lobwerera mu holo, ine osatchula dzina, osatchula ntchito, poopa kuti aziti mnyamatayu ndi wodzichemerera. Madzulo ake ndinamva kuti bambo aja ali ndi sukulu yapulayiveti ndipo amafunafuna munthu woti awaikire sola. Anakamba za magetsi ndi ine amene, koma analibe njira yodziwira kuti waima patsogolo pawoyo ntchito yake ndi yomweyo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuonetsetsa mmene anthu odziwa amachitira. Ndikulemba zimene ndimachita tsopano, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, moni uthe wonse

Musadumphe moni pothamangira dzina. Ndaonapo achinyamata amene anaphunzitsidwa kuti ukafika pa munthu uyambe ndi kudzitchula, ndiye amangofika dzanja lili kutsogolo, "ndine wakutiwakuti wa kampani yakutiyakuti", munthu asanamufunse nkomwe kuti wadzuka bwanji. Kwathu kuno zimenezo zimamveka ngati wabwera kudzatsatsa malonda, ndipo munthu wamkulu amakuyankha ndi "eee, muli bwanji kaye", apo ndiye kuti wakudzudzula mwaulemu. Ngati simunaonanepo nenani "muli bwanji", ngati munaonana kale m'mawa pa tebulo lolembetsa mayina ndiye "mwaswera bwanji" ikukwana. Mudikire ayankhe, akubwezereni, muyankhe. Kwa wamkulu, dzanja lamanzere ligwirizire mkono wamanja monga mwa mwambo wathu, choncho kapu ndi mbale muziike kaye pa tebulo musanayandikire, chifukwa palibe chosokoneza ngati kufuna kupereka dzanja lili ndi mafuta a samusa. Ndipo Zomba ndi ya anthu osiyanasiyana, alipo amayi ena makamaka achisilamu amene sagwirana chanza ndi abambo, nde muone kaye ngati dzanja likubwera, likapanda kubwera ingowerama pang'ono n'kupitiriza moni ndi pakamwa, palibe chalakwika.

Chachiwiri, dzina lilowe pa "zikomo"

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Moni wathu umathera pa "zikomo", ndipo "zikomo" ameneyu ali ngati chitseko, ukangomusiya yekha chimatsekeka. Ndiye musamutsitse mawu ngati mwamaliza, mulumikizeni ndi dzina mu mpweya womwewo, manja asanasiyane. Tiyerekeze dzina lanu ndi Chisomo Banda. Zimveke chonchi: "Zikomo, ine ndine Chisomo Banda." Osati "zikomo", kenako kumwa tiyi, kenako kuyang'ana kudenga, kenako "paja dzina langa ndi...". Mukachedwa ngakhale masekondi asanu okha nkhani ya mvula kapena ya mitengo ya zinthu imalowa, ndipo kubwereranso ku dzina pambuyo poti mwacheza mphindi zitatu kumakhala kolemera, kumaoneka ngati mwakumbukira kuti muli ndi chofuna kwa munthuyo.

Chifukwa china chonenera manja ali chigwirane n'chakuti nthawi imeneyo ndi yokhayo imene muli ndi chitsimikizo kuti maso ndi makutu a munthuyo ali pa inu. Manja akasiyana maso amayamba kuyendayenda mu chipinda.

Nanga "ndine" kapena "dzina langa ndi"? Zonse ndi Chichewa chabwino, koma ine ndimakonda "ine ndine" chifukwa ndi yaifupi ndipo imatuluka ngati kucheza. "Dzina langa ndi" imandikumbutsa kuimirira mkalasi tsiku loyamba la temu, imagwira bwino mukamadzitchula pagulu mutapatsidwa maikolofoni. Tchulani mayina onse awiri. Dzina loyamba lokha silikwana chifukwa a Chisomo, a Mphatso, a Chikondi alipo ambiri mu holo iliyonse, amuna ndi akazi omwe, ndipo la bambo lokha ndiye kaya, a Banda ndi a Phiri mungawawerenge? Pakati pa mayina awiriwo pumirani pang'ono, musawamatize. Ife eni dzina talinena kambirimbiri moti timalimeza, koma winayo akulimva koyamba, mu phokoso la masipuni ndi anthu akuseka. Dzina lanu likakhala lachilendo m'makutu mwa anthu, mwina lachilomwe kapena lachiyawo kapena lakumpoto lalitali, linenani mofatsa kamodzi, ndipo ngati pali lalifupi limene anthu amakuitanirani onjezerani "ambiri amangoti..." basi.

Chinanso, musadziike "a" nokha. "Ndine a Banda" sizimveka bwino, ulemu umenewo amakupatsani ndi ena. Chimodzimodzi maudindo a sukulu. Tauni ino ili ndi yunivesite, madokotala ndi mapulofesa ndi ambiri, koma muone okhwima enieni amangotchula dzina, udindo mumakaumva kwa ena kapena mumauwerenga pa khadi. Mayi wapabanja akafuna kunena kuti "ndine Mayi Banda" palibe vuto, zimathandiza winayo kudziwa mmene angakuitanireni, komabe pa nkhani ya ntchito ndi bwino dzina loyamba limvekenso kuti akadzafuna kukusakani asasochere.

Chachitatu, ntchito muinene ndi "ndima-"

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri timagwa, ndipo timagwa mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi kudzichepetsa kopitirira. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, zoona, ndiye munthu akafunsidwa ntchito amati "aaa timangoyesayesa", "ndili ndi ka bizinesi kakang'ono", "timangogwiragwira tina ndi tina". Mawu amenewa ndi aulemu koma mulibe kanthu mkati, womvayo alibe pogwira. Ka bizinesi ka chiyani? Akufunseninso kachiwiri, ndipo ambiri safunsa, amangoti "chabwino, limbikirani". Mbali yachiwiri ndi kudziunjikira maudindo: "ndine dayirekita komanso mwini wake wa kampani yakuti, komanso khonsotanti, komanso ndimapanga za achinyamata". Munthu wamva maudindo anayi koma sakudziwabe kuti m'mawa mukadzuka manja anu amagwira chiyani.

Njira yapakati ndi kunena chimene mumachita ndi mneni, kuyamba ndi "ndima-". Ndimasoka, ndimaphunzitsa, ndimaweta, ndimakonza, ndimalemba. Mneni sadzitama, amangofotokoza, n'chifukwa chake amatuluka mosavuta ngakhale pamaso pa akuluakulu. Ukati "ndine katswiri wa zamagetsi" wadziyamikira wekha, koma ukati "ndimalumikiza magetsi a sola" wangonena zoona zimene aliyense angakaone. Kenako onjezerani chinthu chimodzi chokha, kaya amene mumawachitira ntchitoyo kaya malo. Chimodzi, osati zonse. Ine ndimati "ndimalumikiza magetsi a sola m'masukulu ndi m'nyumba". Wogula mpunga akhoza kunena kuti "ndimagula mpunga kwa alimi a ku Chilwa n'kumaupakira m'mapaketi". Wosoka anene kuti "ndimasoka mayunifolomu a sukulu, shopu yanga ili ku Chinamwali". Mayi wa zipatso anene kuti "ndimapanga jamu wa masitiroberi a kuphiri kuja". Mwaona kuti chilichonse mwa izi chikujambula chithunzi m'mutu, ndipo chithunzi ndi chimene munthu amapita nacho kunyumba, dzina lokha limatha kuthawa.

Malo amagwira ntchito kwambiri kwa ife chifukwa Amalawi timadziwana ndi malo. Mukangoti Chinamwali kapena Songani kapena Thondwe, kawirikawiri winayo amapezapo pogwira, "ooo ku Thondwe, mlamu wanga amakhala konko", basi kucheza kwayamba kokha popanda kukankha.

Nanga olembedwa ntchito? Ngati malo anu antchito ndi odziwika, atchuleni, koma musaime pomwepo. Ku Zomba kuli MANEB, kuli ofesi ya kalembera ya NSO, kuli nyumba yosunga zolemba zakale za boma, kuli chipatala chachikulu, ndipo munthu akangoti "ndili ku NSO" womva sadziwa ngati ndi dalaivala, wa akaunti kapena woyenda m'midzi ndi mafunso. Nenani "ndili ku NSO, ndimaphunzitsa anthu amene amakayenda ndi mafunso m'midzi". Bungwe lanu likakhala losadziwika, makamaka la dzina la zilembo zachidule zija, yambani ndi chimene mumachita, dzina la bungwe libwere akafunsa. Zilembo zinayi zimene munthu sanazimvepo sizimuuza chilichonse, ndipo amachita manyazi kufunsa.

Ophunzira ndi amene mukusaka ntchito, musayambe ndi "sindili pantchito" kapena "ndikungokhala". Mwina ndi zoona koma si chimene mwabwerera. Nenani chimene munaphunzira kapena chimene manja anu amatha: "ndamaliza kumene za uphunzitsi ku Domasi, ndimaphunzitsa masamu", kapena "ndili chaka chomaliza ku Chanco, ndikufufuza za usodzi wa ku Chilwa". Palibe bodza pamenepo. Zakuti mukufuna ntchito zibwera nkhani ikapsa, ndipo musaziike mu chiganizo choyamba chifukwa munthu akamva pempho asanakudziweni amayamba kuyang'ana njira yothawira. Ndipo amene muli ndi ntchito zitatu, monga ambiri tilili masiku ano, sankhani imodzi yogwirizana ndi msonkhanowo musanalowe pa geti. Pa msonkhano wa zaulimi ndinu woweta nkhuku, za salauni zidikire tsiku lina.

Dzina ndi ntchito pamodzi zikwane mu mpweya umodzi, mawu osapitirira 15. Mukapezeka mwapuma kawiri ndiye kuti mwayamba kulalikira.

Chachinayi, bwezani mpira n'kukhala chete

Monga moni uli ndi "kaya inu", kudzitchula nakonso kuli ndi "kaya inu" wake. Ichi ndi chimene chimachotsa fungo la kudzichemerera, chifukwa zimaoneka kuti mwadzitchula pofuna kuwadziwa iwo. Kwa wamsinkhu wanu "kaya anzathu?" kapena "nanga inu achimwene?", "nanga inu achemwali?" zikukwana. Kwa wamkulu musafunse kuti "dzina lanu ndani" ngati wapolisi pa rodibuloko, nenani "kaya ndikulankhula ndi ndani, bambo?" kapena "pepani mayi, sindinakudziweni". Ngati ndi munthu amene walankhula kutsogolo ndipo dzina lake latchulidwa kale, musafunsenso, mungoonetsa kuti simumamvetsera. Apo m'malo mwa funso la dzina ikani chimene ananena chija.

Ndiye mukabweza, khalani chete ndithu. Ambiri timaopa chete ndiye timapitiriza kuthira mawu, mitengo, mbiri ya kampani, mpaka munthu sapeza mpata wonena dzina lake. Akatchula dzina, libwerezeni kamodzi mokweza ndi "a" wake, "a Phiri, zikomo kwambiri". Zimathandiza kuti likhazikike m'mutu, ndipo ngati munamva molakwika akukonzani pomwepo.

Tiyeni tiziike pamodzi ndi chitsanzo. Tiyerekeze Chisomo uja ndi wa sola ngati ine, ali pa mzere wa tiyi ndipo kumbuyo kwake kuli mayi wachikulire wovala baji imene yatembenuka, dzina silikuoneka, monga mabaji amachitira nthawi zonse.

"Muli bwanji mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Ndili bwinonso, zikomo. Ine ndine Chisomo Banda, ndimalumikiza magetsi a sola m'masukulu ndi m'nyumba. Pepani sindinakudziweni."

"Ndine Mayi Phiri, ndine hedi wa sukulu ina uko ku Jali."

"Mayi Phiri, zikomo kwambiri. Ku Jali, ana a folomu 4 amawerengera chiyani usiku kumeneko?"

Taonani zimene sanachite. Sanatulutse khadi, sanatchule mtengo wa panelo kapena batire, sanapemphe nambala. Wamva "hedi" ndi "Jali", watenga zomwezo n'kupanga funso limene likukhudza ntchito ya mayiyo komanso ili pafupi ndi yake. Ngati sukuluyo ili ndi vuto la magetsi mayiyo anena yekha, chifukwa akudziwa kale kuti akulankhula ndi wa sola. Ngati ilibe, acheza za mayeso ndi za msewu, ndipo tsiku lina hedi mnzawo akadzadandaula za magetsi adzati "ndinakumana ndi wina wake wa sola". Nambala ya watsapu ibwere kumapeto pamene pali chifukwa, ndipo poisunga mu foni yawo apempheni alembe dzina ndi ntchito pamodzi, "Chisomo Sola", chifukwa ndi mmene tonse timasakira anthu mu foni, timalemba ntchito osati dzina.

Pamene ndondomekoyi imasintha

Si paliponse pamene mungadzitchule nokha msangamsanga. Kwa mfumu, kapena munthu wamkulu kwambiri amene wazunguliridwa ndi omuperekeza, njira yabwino ndi kudzera mwa wina wokudziwani kuti akuperekeni. Akakuperekani musabwereze zonse ngati sananene kanthu. Nthawi zambiri wokuperekayo amatchula dzina bwino koma ntchito amailakwitsa kapena kuichepetsa, "awa ndi a Banda, amapanga za magetsi". Inu perekani moni wonse kaye, kenako konzani mofatsa, "eya, makamaka a sola, m'masukulu". Musanene kuti walakwitsa.

Mukafika pa kagulu ka anthu atatu anayi amene akucheza kale, musadule nkhani. Imani pambali pooneka, wina akakuyang'anani perekani moni kwa onse, gwirani chanza mmodzimmodzi kuyambira wamkulu, koma dzina ndi ntchito muzinene kamodzi kokha mukamaliza, kwa onse. Kubwereza chiganizo chomwecho kanayi kumamveka ngati mwaloweza.

Winanso akhoza kukuyambani ndi Chingerezi, pa misonkhano ya mabungwe ndi ya ku yunivesite zimachitika kwambiri. Yankhani m'chinenero chimene wayambira, dongosolo ndi lomwelo, choncho chiganizo chanu chija mukhale nacho m'zinenero zonse ziwiri. Koma ngati wayamba ndi Chichewa musathawire ku Chingerezi pofika pa ntchito, ambiri timatero, moni Chichewa koma udindo Chingerezi, ndipo pomwepo mawu amasintha, mumamveka ngati mwavala jekete la eni.

Mudziwa bwanji kuti sizinayende? Munthu akati "mwati ndani?" ndiye kuti munathamanga kapena munalankhulira pansi, bwerezani dzina lokha mofatsa osapepesa kambiri. Akati "ooo chabwino" n'kungogwedeza mutu popanda funso, kawirikawiri ntchito yanu sinamveke, munagwiritsa mawu a mu ofesi amene iye sawadziwa. Akafunsa kuti "ndiye kuti mumapanga chiyani kwenikweni?" ndiye kuti munapereka udindo m'malo mwa mneni, ndipo yankho limene mupereke pa funso limenelo ndi limene mumayenera kuyamba nalo, lisungeni. Maso ake akayamba kusaka wina kuseri kwa phewa lanu, mwatalikitsa. Koma akabwereza mawu anu, "a sola eti?", apo zalowa.

Musanapite ku msonkhano wotsatira yesani chonchi. Lembani chiganizo chanu pa pepala, muchinene mokweza katatu kuyambira pa "ndili bwinonso, zikomo" kuti lilime lizolowere kulumikiza, chifukwa polumikizira paja ndi pamene pamavuta osati dzinalo. Kenako kachineneni kwa munthu amene sadziwa za ntchito yanu, agogo kunyumba kapena mayi amene mumagulako tomato mu msika waukulu uja, ndipo muwafunse kuti "ndiye ndimapanga chiyani ine?" Akakubwezerani molondola chiganizo chapsa. Ine changa choyamba chinali ndi mawu akuti "njira zamakono za mphamvu", azakhali anga anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndayamba kugulitsa mankhwala a zitsamba, ndiye ndinachotsa zonsezo n'kusiya sola, masukulu ndi nyumba. Mukafika pa malo a msonkhano chiyeseni kaye pa tebulo lolembetsa mayina paja, kwa amene akugawa mabaji ndi amene mwaima naye pa mzere, kuti pofika tiyi buleki chikhale chatuluka kale pakamwa kawiri.